Mipata ya m'kati mwa aluminiyamu: chifukwa chake imachuluka akatentha, ndi mmene timaiwerengera

Poto wa aluminiyamu amaoneka wogwirana bwino, wopanda kabowo kapena mng'alu. Komabe mu kachidutswa kake kakakulu ngati njere ya chimanga muli malo mabiliyoni ambiri amene payenera kukhala atomu koma palibe. Mipata imeneyi sinabwere chifukwa choti wosula analakwitsa kapena choti chitsulocho n'chachinyengo. Aluminiyamu woyengedwa bwino koposa nayenso ali nayo, ndipo mukaika potoyo pa mbaula imawonjezeka.

Mu chitsulo cholimba maatomu amakhala mwadongosolo, m'mizere yobwerezabwereza, ngati mazira pa thireyi zosanjikizana. Mu aluminiyamu atomu iliyonse imagundana ndi anzake 12. Malo amodzi pa dongosololi akakhala opanda atomu, ndiwo tikuwatcha mpata m'nkhani ino. Funso lathu n'lakuti, pa kutentha kwakuti, ndi malo angati mwa malo onse amene amakhala opanda mwini?

Tiyambe ndi mmene mpata umabadwira, chifukwa ambiri amasochera pomwepa. Atomu siisowa. Atomu ina imene ili pafupi ndi pamwamba pa chitsulo imadumpha n'kukakhala pamwamba penipeni, ndipo pamene inali pamatsala popanda kanthu. Ina ya m'munsi imalowa pamalo pamenepo n'kusiya pake, inanso imalowa pa malo a iyoyo, ndipo mpata uja umayenda pang'onopang'ono kulowera m'kati. Izi zimachitikanso m'malire a timibulu timene timapanga chitsulo, komanso pa mizere imene dongosolo la maatomu linasokonekera. Chiwerengero cha maatomu sichisintha. Chimene chawonjezeka ndi malo, ndiye chitsulo chimatupa pang'ono kwambiri. Kutupa kumeneku ndiko kunathandiza kuti mipata iyezedwe, monga tiona kutsogoloku.

Kupanga mpata kumadya mphamvu. Maatomu ozungulira mpatawo ataya mnzawo amene anali kugwirana naye, ndipo mphamvu yolipirira kutayikako ndiyo mphamvu yopangira mpata, imene timailemba Q. Imayezedwa mu maelekitironivoti, chidule chake eV. Ya aluminiyamu ndi pafupifupi 0.67 eV pa mpata umodzi. Iyi si mphamvu yochotsera atomu m'chitsulo n'kuitaya kutali, imene mu aluminiyamu ndi pafupifupi 3.4 eV. Atomu yathu yangosamukira pamwamba, kumene ikugwiranabe ndi anzake ena, ndipo zotsala zija zimasendera pang'ono n'kukhazikikanso. N'chifukwa chake Q ndi yocheperapo chonchi.

Ngati mpata uliwonse umadya mphamvu, munthu angafunse chifukwa chimene chitsulo sichingokhala chopanda mpata n'komwe. Thireyi ya mazira 30 itithandiza kuyankha. Ikakhala yodzaza, mazira angakhale m'njira imodzi yokha. Mukachotsa dzira limodzi, malo opanda dzirawo angakhale paliponse mwa malo 30, ndiye njira zakwana 30. Mukachotsa awiri njira zimafika 435, mukachotsa atatu zimafika 4,060. Kuchuluka kwa njira kumeneku ndiko akatswiri amakuyeza ndi chimene amachitcha entirope. Maatomu a chitsulo chotentha sakhala phee, amanjenjemera ndi kukankhana, ndipo chinthu chimene chikugwedezeka chonchi chimapezeka kawirikawiri mu mkhalidwe umene uli ndi njira zambiri zochitikira.

Manambala a thireyi aja ali ndi mfundo ina yofunika kwambiri. Dzira loyamba kuchotsedwa linachulukitsa njira ka 30. Lachiwiri linazichulukitsa ka 14.5, lachitatu ka 9 ndi pang'ono. Phindu likuchepa pa mpata uliwonse wowonjezera, pamene mtengo sukusintha: mpata woyamba umadya Q, wa miliyoni umadyanso Q yomweyo. Choncho pamafika poti mpata wina wowonjezera subweza zimene wadya, ndipo chiwerengero chimaima pamenepo. Mu chitsulo chenicheni malo si 30 koma ndi ochuluka zosaneneka, ndiye mipata yoyambirira imabweretsa phindu lalikulu moti palibe Q imene ingaitsekereze. Chitsulo chopanda mpata n'chotheka pa 0 K pokha, pamene kulibe kutentha konse.

Kutentha kumalowa m'nkhaniyi chifukwa phindu la njira zija limachulukitsidwa ndi mlingo wa kutentha. Chitsulo chimakhazikika pamene mphamvu yodyedwa ndi mipata, titachotsapo kutentha kuchulukitsa entirope, yafika pochepetsetsa. Kutentha kukakwera mbali ya phindu imalemera, ndipo poimira paja pamasendera ku mipata yambiri. Masamu ake akachitidwa bwinobwino, pa mipata yochepa poyerekeza ndi malo onse, zimatuluka ndi izi:

```
Nv / N = exp(-Q / kT)
```

Nv ndi chiwerengero cha mipata, N ndi malo onse, T ndi kutentha mu Kelivini, ndipo k ndi nambala ya Boltzmann, 8.617 × 10⁻⁵ eV/K. Ganizo loti chinthu cholimba chiyenera kukhala ndi zilema zotere chikatentha linakhazikitsidwa ndi Yakov Frenkel mu 1926, kenako Carl Wagner ndi Walter Schottky mu 1930.

Tsopano tiwerenge, ndi aluminiyamu pa 600 °C, pang'ono pansi pa 660 °C pamene amasungunukira. Choyamba timasintha kutentha: 600 kuphatikiza 273 ndi 873 K. Kenako timapeza kT, imene ndi mphamvu yanthawi zonse imene kunjenjemera kwa maatomu kumanyamula pa kutentha kumeneko.

```
kT = 8.617e-5 × 873 = 0.0752 eV
Q / kT = 0.67 / 0.0752 = 8.91
Nv / N = exp(-8.91) = 1.35e-4
```

Ine ndimakonda kuima kaye pa nambala yapakatiyo, 8.91, ndisanapitirize pa kakyuleta. Ikunena kuti mtengo wa mpata umodzi ndi pafupifupi ka 9 kuposa mphamvu imene atomu imakhala nayo nthawi zonse, ndiye mipata iyenera kukhala yosowa, koma osati yosoweratu. Yankho lomaliza likuvomereza zimenezo: 1.35 × 10⁻⁴ ndi mpata umodzi pa malo pafupifupi 7,400.

Gawo limeneli lilibe muyeso, likungoyerekeza mipata ndi malo onse. Tikafuna chiwerengero chenicheni cha mipata mu kachidutswa kodziwika, tiyenera kupeza N. Kachidutswa ka aluminiyamu ka sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu 2.70. Molo imodzi ya aluminiyamu imalemera magalamu 26.98, ndipo molo ili ndi maatomu 6.022 × 10²³.

```
N = 2.70 × 6.022e23 / 26.98 = 6.0e22
Nv = 6.0e22 × 1.35e-4 = 8.1e18
```

Ndiye mu kachidutswa kakang'ono kameneka muli mipata pafupifupi 8 × 10¹⁸. Wosamala kwambiri anganene kuti 2.70 ndi kulemera kwa aluminiyamu wozizira, ndipo pa 600 °C watupa moti N yatsika ndi magawo anayi kapena asanu pa 100. Akunena zoona. Koma tiona posachedwa kuti kukayikitsa kwa Q kumameza kusiyana kumeneko kangapo, ndiye sindiona chifukwa chotayirapo nthawi.

Tikabwereza masamu omwewa pa kutentha kosiyanasiyana, kukwera kwake kumaoneka. Pa 25 °C, kapena 298 K, Q/kT ndi 26.1 ndipo gawo la mipata ndi pafupifupi 5 × 10⁻¹², mpata umodzi pa malo oposa mabiliyoni 200. Pa 300 °C ndi umodzi pa malo pafupifupi 780,000. Pa 500 °C umodzi pa 23,000, pa 600 °C umodzi pa 7,400, ndipo pa 660 °C, chitsulo chitatsala pang'ono kusanduka madzi, umodzi pa 4,200. Kuchoka pa 298 K kufika pa 873 K kutentha kwachuluka pafupifupi katatu kokha, pamene mipata yachuluka ka mamiliyoni pafupifupi 29. Izi zili choncho chifukwa T ali m'kati mwa exp. Kukwerako sikufanana paliponse. Madigiri 275 oyambirira achulukitsa mipata kuposa ka 270,000, pamene madigiri 100 a pakati pa 500 °C ndi 600 °C angoichulukitsa katatu ndi pang'ono. Kumunsi gawo limachuluka mofulumira koma likadali laling'ono, pamene kumtunda limachuluka pang'onopang'ono koma mipata yowonjezeka pa digiri iliyonse ndi yambiri zedi.

Ngakhale pa 25 °C kachidutswa kathu kali ndi mipata pafupifupi 3 × 10¹¹, mabiliyoni 300. Gawo laling'ono la nambala yaikulu limakhalabe nambala yaikulu.

Zolakwa zimene ndimaziona kawirikawiri pa masamu amenewa ndi ziwiri, ndipo zonse zimagwidwa poyang'ana Q/kT. Choyamba ndi kuiwala kusintha madigiri kukhala Kelivini. Woika 600 m'malo mwa 873 amapeza 12.96, ndipo gawo lake limakhala 2.4 × 10⁻⁶, locheperapo pafupifupi ka 58. Kuopsa kwake n'kwakuti yankholi limaoneka ngati lanzeru, silikayikitsa. Pa 25 °C ndiye limadziulula lokha, chifukwa Q/kT imafika 311 ndipo kakyuleta wamba amangolemba 0. Chachiwiri ndi kusakaniza miyeso. Nambala ya Boltzmann imalembedwanso 1.38 × 10⁻²³ J/K, ndipo iyo imayenda ndi Q ya mu majulu. Mukaiphatikiza ndi 0.67 eV mumapezanso 0. Nthawi zina Q imaperekedwa pa molo, apa 64.6 kJ/mol, ndipo pamenepo m'malo mwa k mumagwiritsa R, imene ndi 8.314 J/(mol·K). Yesani: 64,600 kugawa ndi 8.314 × 873 zikupereka 8.90, chimodzimodzi ndi poyamba paja. Pa zitsulo wamba, pakati pa kutentha kwa m'nyumba ndi posungunukira, Q/kT imagwera pakati pa 8 ndi makumi angapo. Mukapeza mazana, kapena nambala yochepera 1, bwererani ku miyeso.

Nanga 0.67 yo inachokera kuti? Fomulayi imagwiranso ntchito chobwerera. Tikatenga logarizimu mbali zonse, ln(Nv/N) imafanana ndi −Q/k kuchulukitsa 1/T, kutanthauza kuti tikajambula ln(Nv/N) motsatana ndi 1/T timapeza mzere wowongoka, ndipo kupendekeka kwake ndi −Q/k. Miyezo iwiri ndi yokwanira kuonetsa njirayi. Tiyerekeze kuti wina wayeza 4.28 × 10⁻⁵ pa 773 K ndi 1.356 × 10⁻⁴ pa 873 K.

```
ln(1.356e-4 / 4.28e-5) = 1.153
1/773 - 1/873 = 1.482e-4
Q = 8.617e-5 × 1.153 / 1.482e-4 = 0.67 eV
```

Manambala awiriwa ndawatenga ku masamu athu omwe, ndiye n'zosadabwitsa kuti 0.67 yabwerera. Ntchito yeniyeni ili pa kuyeza mipata imene palibe maso angaione.

Njira yokongola kwambiri inagwiritsidwa ntchito ndi R. O. Simmons ndi R. W. Balluffi ku yunivesite ya Illinois ku America, amene anafalitsa zotsatira za aluminiyamu mu 1960. Anatenthetsa ndodo ya aluminiyamu n'kumayeza zinthu ziwiri pa kutentha kulikonse: kutalika kwa ndodo yonse, ndi mtunda wa pakati pa mizere ya maatomu, umene anauyeza ndi kuwala kwa ekisire. Kukanakhala kulibe mipata, ziwirizi zikanakula mofanana ndendende, chifukwa ndodo imatalika poti maatomu atalikirana. Koma tanena kale kuti mpata uliwonse umawonjezera malo amodzi atsopano pamwamba pa chitsulo. Ndodo imaona malo owonjezerawo, ekisire sawaona. Choncho kutentha kukakwera ndodo imayamba kutalika kuposa mmene mtunda wa maatomu ukunenera, ndipo kusiyanako kuchulukitsa katatu, chifukwa cha mbali zitatu, ndiko gawo la mipata. M'fomulayi L ndi kutalika kwa ndodo, a ndi mtunda wa pakati pa mizere ya maatomu, ndipo Δ ikuimira kuwonjezeka kwake:

```
Nv / N = 3 (ΔL/L - Δa/a)
```

Pa malo osungunukira anapeza pafupifupi 9.4 × 10⁻⁴. Kuti muone kuvuta kwa ntchitoyi, ganizirani ndodo ya mita imodzi. Ikamafika posungunuka yatalika pafupifupi masentimita awiri, ndipo gawo la mipata pa kutalikako ndi mamilimita 0.3 okha. Pansi pa 400 °C kusiyanaku kumachepa moti kumasowa m'kati mwa zolakwika za muyezo. Tanthauzo lake n'lakuti manambala onse a mipata pa kutentha kwa m'nyumba, kuphatikizapo 5 × 10⁻¹² yathu ija, amapezeka potalikitsa mzere kuchokera kumtunda, palibe amene anawayeza mwachindunji.

Mwina mwaona kale vuto. Iwo anayeza pafupifupi mpata umodzi pa 1,000, pamene ife tinawerengera umodzi pa 4,200. Kusiyana kwa pafupifupi kanayi kumeneku sikuti talakwitsa masamu, koma fomula yathu inasiya zinthu ziwiri. Choyamba, maatomu oyandikana ndi mpata amakhala omasukirapo ndipo amanjenjemera mosiyana ndi anzawo, zimene zimawonjezera entirope ina pa mpata uliwonse, imene timailemba S. Fomula yathunthu imakhala ndi chochulukitsira kutsogolo:

```
Nv / N = exp(S / k) × exp(-Q / kT)
```

Mu zitsulo zambiri S imagwera pakati pa theka la k ndi 3k, ndiye chochulukitsiracho chingakhale kuyambira pafupifupi 2 mpaka 20. Chachiwiri, pafupi ndi posungunukira mipata ina imagwirana iwiriiwiri, chifukwa mipata iwiri yoyandikana imadula zomangira zocheperapo kuposa iwiri yotalikirana, ndipo zimenezi zimakweza chiwerengero chonse. Chochulukitsira cha kutsogolo sichisokoneza njira ya miyezo iwiri ija, chifukwa chimafafanizika pogawa. Koma mipata yogwirana imakhotetsa mzere kumtunda, ndipo woyeza Q kumeneko amapeza yokwererapo. N'chifukwa chake m'mabuku mumapezeka manambala a aluminiyamu osiyana, kuyambira cha m'ma 0.66 mpaka 0.76 eV.

Kusiyana kwa 0.09 eV, pakati pa 0.67 yathu ndi 0.76, kumaoneka kochepa mpaka mutakuika m'fomula. Pa 933 K, kT ndi 0.0804 eV, ndipo 0.09 imasintha yankho katatu. Pa 298 K, kT ndi 0.0257 eV, ndipo 0.09 yomweyo imasintha yankho ka 33. Maganizo anga n'akuti yankho la masamu awa lolembedwa ndi manambala anayi kapena asanu likungodzionetsera. Chimene tingachikhulupirire ndi mphamvu ya 10 imene ili kumapeto, ndi nambala imodzi kutsogolo kwake ngati tili pafupi ndi pamene Q inayezedwera.

Zitsulo zina zimatsata fomula yomweyi ndi Q yawoyawo, ndipo Q imakwera limodzi ndi posungunukira. Kopa amasungunuka pa 1,085 °C ndipo Q yake ndi pafupifupi 1.28 eV. Pa 600 °C, Q/kT ya kopa ndi 17, mpata umodzi pa malo pafupifupi mamiliyoni 24, pamene aluminiyamu mu ng'anjo yomweyo ali ndi umodzi pa 7,400. Koma zitsulo zambiri zikayandikira posungunukira pawo, gawo la mipata limafika pakati pa 10⁻⁴ ndi 10⁻³.

Malire ena a fomulayi ndi a nthawi. Imanena mipata imene ingakhalepo chitsulo chitapatsidwa nthawi yokwanira kukhazikika. Mipata yowonjezera siingofafanizika pamene ili. Iyenera kuyenda, kudumpha kumodzikumodzi, mpaka ikafike pamwamba, pa malire a timibulu kapena pa mzere wosokonekera n'kumezedwa kumeneko. Kudumphako kuli ndi mtengo wakewake, umene mu aluminiyamu ndi pafupifupi 0.6 eV, ndipo kumachedwa chitsulo chikazizira. Mukatenthetsa aluminiyamu pa 500 °C n'kumusiya azizire yekha mu ng'anjo, mipata imakhala ndi nthawi yotuluka. Mukamuponya m'madzi ozizira, yambiri imakodwa m'kati. Ikanakodwa yonse, chitsulo chozizira chikanakhala ndi 4.3 × 10⁻⁵ m'malo mwa 4.7 × 10⁻¹², kuchuluka ka mamiliyoni 9 kuposa zimene fomula ikunena pa 25 °C. Pamenepo kutentha koyenera kuika m'fomula ndi kwa ng'anjo, osati kwa m'chipinda, ndipo yankho lake ndi malire a pamwamba, chifukwa ina imathawa ndithu pozizirapo. Wofuna kudziwa ngati mipata yakodwa amayeza mmene chitsulocho chikukanira magetsi: chozimitsidwa m'madzi chimakana kwambiri pang'ono, ndipo kukanako kumatsika mipata ikamatha.

Mipata yokodwayi imagwira ntchito. Atomu yachilendo, monga ya kopa m'kati mwa aluminiyamu, imayenda pokhapokha mpata ukafika pambali pake n'kusinthana nawo malo. Mu 1906 Alfred Wilm ku Germany anazimitsa m'madzi aluminiyamu wosakaniza ndi kopa ndi maginiziyamu pang'ono, ndipo atamuyezanso patapita masiku angapo anapeza kuti walimba yekha ali pa kutentha kwa m'chipinda. Wilm sanadziwe chifukwa chake. Zinadziwika pambuyo pake kuti maatomu a kopa amasonkhana timagulu ting'onoting'ono timene timalimbitsa chitsulo, ndipo kuti asonkhane m'masiku ochepa pa kutentha kotsika chonchi, amayendetsedwa ndi mipata ija yotsalira ku ng'anjo. Ndi mipata ya 5 × 10⁻¹² yokha ntchitoyo ikanatenga zaka zambirimbiri. Opanga ndege amagwiritsa ntchito zomwezi chobwerera: misomali yokhomera mapepala a aluminiyamu yopangidwa ndi zosakaniza zoterezi amaisunga mu firiji ikangozimitsidwa, kuti mipata isadumphe ndipo msomali ukhalebe wofewa mpaka nthawi yokhoma. Ukatuluka mu firiji umakhomedwa msanga, kenako umalimba wokha uli kale pa phiko.